Ndi Mimba Kapena Msambo Ukubwera? Kuyerekeza Njira Zodziwira M'masiku Oyambirira

Mayi amene mawere ake ayamba kulemera ndi kupweteka, m'mimba mukutupa, thupi likufooka ndipo mtima sukukhazikika, amafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: kodi waima kapena ndi msambo umene wayandikira? Yankho loona, ngakhale kuti ambiri salikonda, ndi lakuti tsiku limene amayembekezera kusamba lisanafike, zimene thupi likumva sizingasiyanitse zinthu ziwirizi. Chifukwa chake si chakuti mayiyo sadziwa kumvetsera thupi lake, koma chakuti m'masiku amenewo thupi la mayi amene waima ndi la mayi amene sanaime akugwira ntchito yofanana, motsogozedwa ndi homoni imodzimodzi. Nkhani ino ikuyerekeza njira zimene amayi a muno mu Lusaka amagwiritsa ntchito pofuna kudziwa zoona, ndipo funso limene ndikufunsa pa njira iliyonse ndi lakuti, kodi imayamba kunena zoona pa tsiku liti?

Chifukwa chimene zizindikirozi zimafanana

Dzira likangotuluka m'thumba la mazira, pamalo pamene latulukapo pamatsala kanthu kachikasu kamene kamayamba kupanga homoni yotchedwa pulojesiteroni. Ntchito ya homoni imeneyi ndi kukonza mkati mwa chiberekero kuti mukhale mokhuthala ndi modzaza magazi, moti dzira likakumana ndi mbewu ya mwamuna lipeze pokhazikika. Thupi limachita zimenezi mwezi uliwonse umene dzira latuluka, lisanadziwe ngati mimba ibwera kapena ayi, monga momwe mlimi amakonzera munda wake mu Okutobala asanadziwe ngati mvula igwa bwino. Pulojesiteroni sagwira ntchito m'chiberekero mokha. Amatupitsa timinofu ta m'mawere topanga mkaka, n'chifukwa chake mawere amalemera. Amachedwetsa kuyenda kwa chakudya m'matumbo, n'chifukwa chake m'mimba mumadzaza mpweya ndipo ena amadzimbidwa. Amachititsa tulo, amakweza pang'ono kutentha kwa thupi, ndipo kukwera ndi kutsika kwake kumakhudza mmene munthu akumvera mumtima.

Mimba ikapanda kuchitika, kanthu kachikasu kaja kamafota patatha masiku pafupifupi 12 mpaka 14, pulojesiteroni amatsika, zomwe zinakonzedwa m'chiberekero zimayoyoka, ndipo umenewo ndiwo msambo. Mimba ikachitika, kamwana koyambirira kamayenda m'chubu chochokera ku thumba la mazira kupita ku chiberekero kwa masiku angapo ndipo kamakhazikika m'chiberekero pakati pa tsiku la 6 ndi la 12 kuchokera pamene dzira linatuluka, nthawi zambiri pa tsiku la 8, la 9 kapena la 10. Kakakhazikika m'pamene kamayamba kutulutsa homoni ina, imene pa mapaketi a zoyezera mimba imalembedwa kuti hCG. Homoni imeneyi imauza kanthu kachikasu kaja kuti kasafote, ndipo pulojesiteroni amapitiriza kukwera m'malo motsika.

Mfundo yofunika kwambiri pa nkhani yonseyi ili pamenepa. Kamwana kasanakhazikike, thupi la mayi silinalandire uthenga wa hCG, choncho chilichonse chimene mayi akumva m'sabata yoyamba dzira litatuluka ndi ntchito ya pulojesiteroni wa mwezi ndi mwezi. Ngakhale katakhazikika, hCG imayamba ili yochepa kwambiri, ndipo pamatenga masiku kuti ichuluke mpaka kusintha mmene mayi akumvera. Njira iliyonse yodziwira mimba iyenera kuweruzidwa potengera ndondomeko ya masiku imeneyi.

Kumvetsera thupi

Iyi ndi njira imene aliyense amayambira, chifukwa ndi yaulere ndipo siifuna kuuza munthu wina. Ndiyonso yofooka kwambiri msambo usanachedwe. Kupweteka kwa mawere, kutopa, kutupa m'mimba, kupotokola pang'ono m'munsi mwa mchombo, ziphuphu, kulakalaka zakudya zina ndi kukwiya msanga, zonsezi zimapezeka mbali zonse ziwiri, ndipo kukula kwake kumasintha mwezi ndi mwezi mwa mayi mmodzi yemweyo. Mayi amene akufunitsitsa mwana, komanso amene akuopa kwambiri mimba, amaika mtima pa kusintha kulikonse kwa thupi kumene miyezi ina sanakulabadire, ndipo amaona ngati mwezi uno ndi wosiyana ndi ina yonse.

Pali zizindikiro zina zimene zimapendekera ku mimba, koma vuto lake n'lakuti zimabwera mochedwa. Nseru ndi kusanza zimayamba kawirikawiri cha m'sabata ya 6 powerengera kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza, kutanthauza masabata pafupifupi awiri msambo utachedwa kale, ndipo zimafika pachimake cha m'sabata ya 9. Kunyansidwa ndi fungo la zinthu zimene munthu ankazikonda, monga kapenta wokazinga kapena mafuta ophikira akamatentha, kukodza pafupipafupi, ndi kuda kwa khungu lozungulira nsonga za mawere, nazonso zimaonekera bwino msambo utadutsa kale tsiku lake. Pofika nthawi imeneyo choyezera mkodzo chimakhala chitatha kale kupereka yankho lomveka. Komanso amayi ena oyembekezera sachita nseru n'komwe, ndiye kusamva kanthu si umboni wakuti mimba palibe.

Kusiyana kumodzi kumene ndikuona kuti n'kothandiza sikuli mu mtundu wa chizindikiro koma mu mathero ake. Zizindikiro za msambo zimachepa magazi akangoyamba kutuluka kapena patapita tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa pulojesiteroni watsika. Zizindikiro za mimba zimapitirira tsiku limene msambo unkayembekezeka ndipo zimanka zikula. Koma kuti mayi aone kusiyana kumeneku ayenera kudikira tsikulo, ndipo kudikirako n'kumene ambiri amafuna kukupewa.

Kadontho ka magazi kamasokoneza anthu kuposa zonse. Amayi ena amaona timagazi tochepa, tofiirira kapena tabulauni, kwa tsiku limodzi kapena awiri kumayambiriro kwa mimba, ndipo ambiri amati ndi nthawi imene kamwana kakukhazikika. Koma amayi ambiri amene aima saona zimenezi, ndipo amayi ambiri amene sanaime amaona timadontho totere msambo weniweni usanayambe. Chimene chingathandize ndi kuona zotsatira zake: msambo umachuluka pa tsiku loyamba kapena lachiwiri mpaka kufuna kusintha thewera kangapo, pamene timadontho ta kumayambiriro kwa mimba sitichuluka. Mayi amene waona msambo waufupi ndi wochepa mosiyana ndi chizolowezi chake, atagonana mosadziteteza mwezi umenewo, achite bwino kuyeza osati kungoganiza kuti wasamba.

Agogo, azakhali ndi alangizi ena amadziwika kuti ali ndi diso lozindikira mimba poyang'ana nkhope, khosi kapena mayendedwe a mtsikana. Sindikupeputsa luso lawo, chifukwa mimba ikafika miyezi iwiri kapena itatu pamakhaladi zosintha zimene munthu wodziwa amaziona mwini wake asananene. Koma m'masiku amene tikukamba pano kulibe chooneka, ndipo mawu a mkulu akakhala olakwika amatha kubweretsa mikangano m'banja kapena chiyembekezo chimene chidzasweka. Zoyesa zina zimene zimafalitsidwa pa mafoni, monga kuthira mchere, shuga kapena mankhwala otsukira mano mu mkodzo, sizizindikira hCG mwanjira iliyonse, ndipo siziyenera kuwerengedwa ngati njira.

Kuwerenga masiku ndi kuyeza kutentha kwa thupi

Kuchedwa kwa msambo ndi chizindikiro champhamvu kuposa zonse za m'mwambazi, koma mphamvu yake imadalira kuti mayi amasamba motsatira ndondomeko ndipo amalemba masiku ake. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti gawo la mwezi limene limatalika kapena kufupika ndi la dzira lisanatuluke, pamene gawo la pambuyo pake silisinthasintha kwenikweni. Matenda monga malungo, maliro, nkhawa yaikulu, kuonda msanga kapena ntchito yolemetsa zikhoza kuchedwetsa kutuluka kwa dzira, ndipo msambo umachedwa ndi masiku omwewo popanda mimba. Mayi amene akuyamwitsa, amene akulera ndi jakisoni wa miyezi itatu kapena ndi timapulasitiki ta pamkono, komanso amene wangosiya kumene njira zimenezi, sangadalire kalendala, chifukwa msambo wake ukhoza kusowa kapena kubwera mosayembekezeka. Mapiritsi olera adzidzidzi, amene amamwedwa pambuyo pogonana mosadziteteza, amasokoneza kwambiri, popeza ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala ofanana ndi pulojesiteroni: amatha kuyambitsa nseru ndi kupweteka kwa mawere, n'kusunthanso msambo ndi masiku angapo.

Kuyeza kutentha kwa thupi m'mawa uliwonse munthu asanadzuke pabedi kumaonetsa kukwera kwa madigiri pafupifupi 0.2 mpaka 0.5 dzira likatuluka, ndipo kutenthako kukakhalabe pamwamba kwa masiku 18 kapena kupitirira, mimba imakhala yothekera kwambiri. Njirayi imathandiza amene anaiyamba mwezi usanayambike, koma siithandiza amene wayamba kudabwa lero, ndipo kutentha thupi kwa chimfine kapena malungo kumaononga chiwerengero chonse.

Choyezera mkodzo

Mwa njira zonse, iyi ndi imene ndikuiika patsogolo kwa amayi ambiri, chifukwa imayeza chinthu chokhacho chimene chimasiyanitsa mimba ndi msambo, ndipo imapezeka m'mafamase a m'tauni ndi m'makomboni komanso m'makiliniki. Zoyezera zambiri zimaonetsa mzere wachiwiri pamene hCG mu mkodzo yafika pafupifupi 25 mIU/mL, ndipo nambala imeneyi imalembedwa pa paketi kapena pa kapepala ka mkati. M'masabata oyambirira hCG imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu aliwonse, choncho kusiyana kwa masiku ochepa kumasintha yankho.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mayi wa ku Chawama amene msambo wake womaliza unayamba pa 3 Okutobala, ndipo nthawi zambiri amatenga masiku 30 kuchokera pa msambo wina kufika pa wina. Msambo wotsatira akuuyembekezera pa 2 Novembala, ndipo tikabwerera m'mbuyo masiku 14, dzira linatuluka cha pa 19 Okutobala. Pa 24 Okutobala mawere ake ayamba kupweteka ndipo akumva kutopa, ndiye akuganiza kuti waima. Koma apa pangopita masiku 5 dzira litatuluka, ndipo ngakhale kamwana katakhalapo sikanakhazikike. Zimene akumvazo ndi za pulojesiteroni basi. Tiyerekeze kuti waimadi, ndipo kamwana kakhazikika cha pa 28 Okutobala. Pa 29 Okutobala wagula choyezera, ndipo chaonetsa mzere umodzi. Yankholi silikutanthauza kuti alibe mimba, chifukwa ngati hCG yake inali 5 tsiku limenelo n'kumawirikiza pa masiku awiri aliwonse, ifika 10 pa 31 Okutobala, 20 pa 2 Novembala, ndipo idutsa malire a choyezera cha pa 3 kapena 4 Novembala. Manambalawa ndi ongofanizira, popeza amayi amasiyana kwambiri, koma akuonetsa chifukwa chake choyezera chomwecho chimakana pa 29 Okutobala n'kudzavomera sabata yotsatira.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi. Tiyerekeze kuti mayiyu anadwala malungo pakati pa Okutobala, ndipo dzira linachedwa mpaka pa 25 Okutobala. Pa 3 Novembala iye akuona kuti msambo wachedwa ndi tsiku limodzi, koma kwa thupi lake pangopita masiku 9 dzira litatuluka, ndipo msambo weniweni ukuyenera kubwera cha pa 8 Novembala. Choyezera cha pa 3 Novembala chidzaonetsa mzere umodzi, kaya waima kaya sanaime. N'chifukwa chake malangizo abwino ndi akuti yankho lokana, ngati msambo sukubwerabe, libwerezedwe patapita masiku atatu mpaka sabata imodzi. Kwa mayi amene sadziwa ndondomeko ya msambo wake, powerengera pabwino ndi tsiku limene anagonana mosadziteteza komaliza: pakapita masiku 21, yankho la choyezera limakhala lodalirika. Masikuwa ndi ochuluka chotere chifukwa mbewu ya mwamuna imatha kukhala ndi moyo m'thupi la mayi mpaka masiku 5 ikudikira dzira.

Zolakwika zambiri zimachokera ku kagwiritsidwe ntchito. Mkodzo woyamba wa m'mawa ndiwo wabwino m'masiku oyambirira, chifukwa sunasungunuke. Mayi amene wamwa madzi ambiri masana a Okutobala kenako n'kuyeza madzulo akhoza kupeza yankho lokana lonama. Kutentha kumaononganso choyezera chimene chakhala padzuwa, choncho ndi bwino kugula pamalo posunga mankhwala moyenera, kuona tsiku lothera ntchito ndi kukana paketi yobooka. Mzere wa pa chilembo C uyenera kuoneka nthawi zonse, ndipo ukapanda kuoneka choyezeracho chalephera, sichinanene kanthu. Mzere wa pa chilembo T, ngakhale wofooka, ukaoneka ndi mtundu wake mkati mwa mphindi zimene zalembedwa pa paketi, nthawi zambiri 3 mpaka 5, umawerengedwa kuti mimba ilipo. Kamzere kotuwa kopanda mtundu kamene kamaoneka choyezera chitauma, mwina patapita ola limodzi, sikawerengedwa. Yankho lovomera silinama kawirikawiri, koma mayi amene wangopita padera kapena wangobereka kumene amakhalabe ndi hCG kwa masabata angapo, ndipo chimodzimodzi amene wabayidwa jakisoni wa hCG pothandizidwa kuti abereke.

Kuyeza msanga kuli ndi mtengo wina umene si wa ndalama. Mimba zina zimatha zokha patangopita masiku ochepa zitakhazikika, nthawi zambiri chifukwa kamwanako sikanapangike bwino kuyambira pachiyambi. Mayi amene sanayeze amangoona ngati msambo wachedwa pang'ono ndi kuchulukirapo, pamene amene anayeza anaona mzere wofooka kenako magazi. Chisoni chake n'chenicheni, ndipo ayenera kudziwa kuti si ntchito imene anagwira kapena chakudya chimene anadya zimene zachititsa. Kwa amene akhala akufuna mwana kwa nthawi yaitali, ndikuona kuti kudikira mpaka tsiku la msambo litadutsa kumateteza mtima kuposa kuyeza tsiku ndi tsiku.

Kuyeza magazi ndi sikani

Kuyeza hCG m'magazi kumazindikira mlingo wochepa kwambiri, moti pansi pa 5 mIU/mL amati mimba palibe, ndipo kumatha kuonetsa mimba masiku ochepa mkodzo usanaonetse. Koma kumafuna labu, kumadula, ndipo si kiliniki iliyonse imene imachita. Phindu lake lenileni si kufulumira koma nambala imene kumapereka: dokotala akayeza kawiri motalikirana maola 48 amaona ngati hCG ikukwera moyenera, ikutsika, kapena yaima. Zimenezi n'zofunika kwa mayi amene akutaya magazi kapena akumva ululu, amene anakhalapo ndi mimba ya kunja kwa chiberekero, kapena amene wapita padera kangapo. Kwa mayi amene alibe vuto lililonse, kudikira masiku atatu kumapereka yankho lomwelo.

Sikani ndi imene anthu ambiri amaikhulupirira kuposa zonse chifukwa imaonetsa chithunzi, koma pa funso la masiku oyambirira ndi imene imachedwa kwambiri. Madokotala amawerenga masabata a mimba kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza, choncho mayi wa ku Chawama uja pa 2 Novembala ali ndi masabata 4 ndi masiku 2, ndipo pa nthawiyo sikani siingaonetse kanthu kodalirika. Sikani yodzera kumaliseche imayamba kuonetsa kathumba ka mimba cha m'sabata ya 5 ndipo kugunda kwa mtima cha m'sabata ya 6, pamene yodzera pamimba imachedwerapo ndi sabata imodzi kapena kupitirira. Kwa mayiyu, kugunda kwa mtima kungayambe kuoneka pakati pa 14 ndi 21 Novembala. Akapita pa 4 Novembala akhoza kuuzidwa kuti m'chiberekero simukuoneka kanthu, n'kubwerera kunyumba ali ndi mantha opanda maziko, ndalama atalipira. Funso limene sikani imayankha bwino ndi lakuti mimba ili pamalo pati ndipo yakula bwanji, osati ngati ilipo.

Pamene kudikira kuli koopsa

Zonse zimene zanenedwa zokhudza kudikira zimagwira ntchito kwa mayi amene zizindikiro zake ndi zopepuka. Pafupifupi mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100 zilizonse zimakhazikika kunja kwa chiberekero, makamaka m'chubu, ndipo kumayambiriro kwake zimaoneka ngati msambo wochedwa umene wabwera ndi timagazi ndi kupotokola. Chubu sichingatanuke ngati chiberekero, ndiye chikhoza kuphulika ndi kutayitsa magazi m'kati mwa mimba, kawirikawiri pakati pa sabata ya 6 ndi ya 10. Mayi amene msambo wake wachedwa kapena wabwera modabwitsa, n'kumamva ululu waukulu mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, ululu pansonga ya phewa, chizungulire kapena kukomoka, asamwe mankhwala opha ululu n'kudikira kuti kuche. Apite msanga kuchipatala chapafupi, kaya ndi cha Chawama, Kanyama, Matero, Chipata kapena Chilenje, kapena ku UTH ndi ku Levy Mwanawasa, ndipo akafika anene tsiku la msambo wake womaliza ndi kuti mwina ali ndi pakati, ngakhale choyezera cha sabata yatha chinakana. Kutaya magazi ochuluka moti thewera likudzaza pa ola limodzi kumafunanso changu chomwecho.

M'masiku odikira, mayi amene akhoza kukhala woyembekezera angachite zinthu zingapo zimene sizimuvulaza ngakhale atapezeka kuti sanaime. Asiye mowa ndi fodya, asamwe mankhwala azitsamba ofuna kubweretsa msambo, ndipo ayambe kumwa piritsi la foliki asidi la mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, chifukwa ubongo ndi msana wa mwana zimapangika m'masabata 6 oyambirira, nthawi imene ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Akadwala malungo kapena matenda ena, auze namwino kuti msambo wake wachedwa asanapatsidwe mankhwala. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga otalikitsa moyo, a khunyu, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, asawasiye yekha koma apite kukiliniki msanga kuti akaone ngati pali ofunika kusintha. Choyezera chikavomera, Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, m'malangizo ake a 2016, limalimbikitsa kuti ulendo woyamba wa kusikelo uchitike mimba isanapitirire masabata 12, ndipo kwa mayi amene msambo wake womaliza unayamba pa 3 Okutobala, malire amenewo ndi pa 26 Disembala.